Tinaletsa, Nanga Adulanso Bwanji?

Anzathu, masiku ano ena a ife timalembetsa pa foni kuti tizionera mpira kapena kumvera nyimbo. Kampani imadzidulira yokha ndalama mwezi uliwonse. Tikaletsa, nthawi zina imadulabe kamodzi. Chifukwa chiyani?

Dzuwa silituluka nthawi imodzi m'maiko onse. Wotchi ya ku China ili patsogolo pa ya ku Mozambique ndi maola 6. Makina a kampani angatsate wotchi yakwawo, osati yathu.

Tiyerekeze. Mwezi umene tinalipira ukutha pa 30 Juni. Kampani ili ku China, ndipo imadula ndalama pakati pa usiku, tsiku latsopano likangoyamba. Kuno ku Tete nthawi imeneyo ndi 6 koloko madzulo. Ife tikuletsa 8 koloko, titadya nsima, poganiza kuti tsiku likadalipo. Koma kwao ndi 2 koloko usiku, pa 1 Julaye. Tachedwa ndi maola awiri. Ndalama ya Julaye yapita kale.

Makampani ena amatsekeratu kaundula wa olipira maola 24 tsiku lodula lisanafike. Zikatero, malire athu ndi 6 koloko madzulo pa 29 Juni. Woletsa m'mawa pa 30 amadulidwabe, ngakhale uthenga wakuti waletsa uli m'foni mwake. Lamuloli amakonda kulilemba ndi zilembo zing'onozing'ono.

Choncho tisadikire tsiku lomaliza. Tiletse kukadali masiku atatu, ndipo tisunge uthenga wotsimikiza, pakuti umaonetsa tsiku ndi ola. Akatidulabe, uthengawo ndi umboni popempha kuti atibwezere ndalama.