Akaunti ya Facebook ikabedwa, mungaitseke bwanji muli kunja?

Anthu ambiri akaberedwa akaunti amangofuna kuti itsekedwe basi, wakubayo asiye kupempha ndalama m'dzina lawo. Koma Facebook siitseka akaunti chifukwa chakuti munthu wina wangonena kuti ndi yake, popeza ikadatero aliyense akadatha kutseketsa ya mnzake. Batani lofufutira akaunti lili mkati, choncho muyenera kuyamba mwaibweza m'manja mwanu ngakhale simukuifunanso.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika amene adatsegula akaunti yake kalekale ndi imelo yomwe adaiwala pasiwedi yake. Tsiku lina akuona kuti akukanidwa kulowa, ndipo abale akumuimbira kufunsa ngati alidi m'chipatala, chifukwa alandira uthenga wopempha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Wakubayo wasintha pasiwedi n'kuikapo imelo yake. Facebook idatumiza chenjezo ku imelo yakale ija, koma mayiyu sangalione.

Choyamba, atenge foni imene wakhala akulowera pa Facebook nthawi zonse, osati ya mnansi. Facebook imakumbukira zipangizo zimene mwini wake amagwiritsa ntchito, ndipo pa foni yachilendo njira zina zodzitsimikizira sizioneka n'komwe. Pa foniyo atsegule tsamba ili:

```
facebook.com/hacked
```

Akafufuza akaunti yake ndi dzina kapena nambala ya foni, adzaonetsedwa malo amene kodi ingatumizidwe. Ngati nambala yake ikadalipo, nkhani yapepuka. Ngati simu ya nambalayo idasowa, apite ndi chiphaso cha unzika ku ofesi ya kampani ya foni akatenge ina ya nambala yomweyo, bola ikhale kuti sidapatsidwe kwa munthu wina.

Ngati pakuoneka imelo yakale yokha kapena ya wakubayo, ayang'ane mawu onena kuti sangathenso kufikira zimenezi, monga No longer have access to these? Pamenepo amafunsidwa imelo yatsopano, ndipo iyenera kukhala yoti siinalumikizidwepo ndi akaunti ina ya Facebook. Kenako angapemphedwe chithunzi cha chiphaso kapena kanema waufupi wa nkhope yake. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ngati pa akaunti adalemba dzina lamasewera kapena tsiku lobadwa lopeka, chiphaso sichigwirizana ndi zomwe Facebook ili nazo. Chithunzi chamdima, kapena chodula ngodya za chiphaso, nacho chimakanidwa.

Akalowa, asathamangire kufufuta. Facebook imadikira masiku 30 isanafufute akaunti, ndipo aliyense wolowa m'masiku amenewa angathe kuimitsa kufufutako. Wakuba amene imelo yake ikadali pa akauntiyo angapemphe pasiwedi yatsopano n'kubwereranso. Choncho mayiyu asinthe pasiwedi, achotse imelo ndi nambala zachilendo, ndipo pa Where you're logged in atulutse zipangizo zonse zimene sakuzidziwa. Ngati pali zithunzi zomwe akuzifuna, azisunge kaye. Akatero apite ku Accounts Center, apeze Account ownership and control, kenako Deactivation or deletion. Asankhe Delete account, chifukwa Deactivate account imangoibisa akaunti, siifufuta.

Nanga zonsezi zikakanika? Chotsala n'kuidandaulira akauntiyo. Abale ndi anzake atsegule tsamba la akauntiyo, adine timadontho titatu, asankhe Report profile n'kunena kuti munthu wina akudziyesa mnzawo. Amene adalandira mauthenga opempha ndalama adandaulirenso mauthengawo mu Messenger, chifukwa ndiwo umboni wooneka. Kuchuluka kwa odandaula pakokha sikutseketsa akaunti. Facebook imayang'ana ngati malamulo ake aphwanyidwa, ndipo nthawi zina imakana.

Podikira, mayiyu alengeze pa WhatsApp, kutchalitchi ndi kumsika kuti akaunti ija sili m'manja mwake. Asunge zithunzi za mauthenga a wakubayo pamodzi ndi nambala imene ndalama zikupemphedwera, akapereke kupolisi. Ku Malawi, kulowa muakaunti ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la chitetezo cha pa intaneti la 2016. Ngati pasiwedi yobedwayo amaigwiritsanso ntchito kwina, aisinthe tsiku lomwelo.

Chenjerani ndi anthu amene amalonjeza kubweza kapena kutseka akaunti mukawalipira. Alibe njira ina yoposa yomwe tafotokozayi, ndipo ambiri mwa iwo ndi akuba enanso. Ngati akaunti yanu ikadali m'manja mwanu, ionani lero ngati imelo ndi nambala zomwe zilipo ndi zoti mungazifikire, ndipo muchotse zimene mudazitaya.