Dandaulo lisanasanduke mlandu: oyeza malo ndi inshulansi yawo

Mukadutsa msewu wa ku Bunda mpaka pa Mitundu, kapena wa M1 kulowera ku Nathenje, muona minda ya dzana yasanduka mapuloti. Ogula ambiri ndi anthu a m'tauni ya Lilongwe, ndipo pambuyo pawo pamabwera oyeza malo atanyamula makina awo ndi matumba a simenti youmbira mabikoni. Gulu la anthu odyera luntha lawo likukula kuno: oyeza malo, ojambula mapulani a nyumba, eni makliniki aokha, ogulitsa mankhwala, ndi maloya ochokera m'tauni amene amadzalemba mapangano ogulitsana malo. Onsewa akaphonya pa ntchito, wina amaluza chuma kapena thanzi.

Pali inshulansi yoteteza katswiri pamene kasitomala wamusumira chifukwa cholakwitsa ntchito. Maloya sangaithawe, pakuti lamulo lawo la 2018 limafuna kuti akhale nayo asanapatsidwe chiphaso cha chaka. Ena amaigula chifukwa mwini ntchito yaikulu wanena kuti popanda iyo kontirakiti palibe. Si onse ali nayo, ndipo mwa amene ali nayo alipo amene anangosunga pepalalo m'kabati osawerenga ndime imene imagwetsa anthu.

Inshulansi ya galimoto imayang'ana tsiku la ngozi. Iyi ayi. Kawirikawiri imayang'ana tsiku limene kasitomala wakufunsani chipukutamisozi koyamba, ndipo imalipira ngati tsikulo lagwera m'chaka cha pangano lanu. Vuto ndi lakuti cholakwa cha woyeza malo chimatha kugona pansi zaka osaoneka, ndipo lamulo la Malawi limapereka zaka 6 zosumira pa milandu yambiri yophwanya pangano kapena yosasamala pa ntchito, ndi zaka 3 ngati munthu wavulala m'thupi. N'chifukwa chake mapangano ambiri otere ali ndi ndime yakuti mukangodziwa chinthu chimene chingathe kubala mlandu, mudziwitse kampani mwamsanga. Mukatero, mlanduwo ngakhale utabwera chaka china, umawerengedwa ngati wa chaka chimene munadziwitsa.

Tiyerekeze motere, ndipo manambalawa ndi ongofanizira. Woyeza malo wina anayeza puloti pafupi ndi Nathenje mu 2022. Pangano lake la inshulansi la 2024 likuyamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala, limalipira mpaka K20 miliyoni, koma K1 miliyoni yoyamba ya mlandu uliwonse amalipira yekha. Mu Okutobala 2024 mwini puloti uja akuimba foni: woyandikana naye wabweretsa woyeza wina, ndipo akuti mpanda wa njerwa walowa m'malo mwake ndi mamita 2 kutalika konse kwa mamita 40. Mwini pulotiyo sanatchule ndalama, sanatchule loya. Wangoti, "Bwana, mudzaone zimene zachitika kunozi."

Ili si pempho la chipukutamisozi, koma ndi chinthu choyenera kudziwitsa. Zizindikiro zake ndi ziwiri. Choyamba, chimene chikulozedwa ndi ntchito yeniyeni ya katswiriyo, osati mtengo wake kapena kuchedwa kuyankha foni. Chachiwiri, ngati dandaulolo lili loona, pali ndalama zimene zitayike: kugwetsa mpanda, kumanganso, mwina n'kulipira woyandikana naye. Zoti woyezayo akudzikhulupirira kuti sanalakwe sizisintha kanthu. Mabikoni amazulidwa ndi olima, amasunthidwa ndi adyera, ndipo n'kutheka kuti iye alibe tchimo. Koma funso la inshulansi ndi lakuti kodi mlandu ungathe kubwera, osati kodi angaupambane. Loya womuteteza pa mlandu wabodza amafunanso malipiro.

Akadziwitsa kampani mu Okutobala momwemo, ndiyeno kalata ya loya n'kufika mu Meyi 2025 yofuna K9 miliyoni, nkhaniyo ikhala pa pangano la 2024, ngakhale atasamukira ku kampani ina. Ngati ndalamazo zatsimikizika, iye alipira K1 miliyoni, kampani K8 miliyoni.

Akakhala chete, nayi mbuna yake. Mu Disembala buloka wake amubweretsera fomu yokonzera pangano la 2025, ndipo pa fomupo pamakhala funso lakuti kodi mukudziwapo chilichonse chimene chingabale mlandu. Akalemba kuti inde, kampani ikhoza kupatula nkhani ya mpandayo pa pangano latsopano, ngakhale kuti pamenepo akadali ndi masiku ochepa oti adziwitse pa pangano lakale lisanathe. Akalemba kuti ayi, wabisa chimene ankadziwa. Pofika Meyi, pangano la 2024 linatha osadziwitsidwa, ndipo la 2025 silikhudza zimene ankadziwa kale lisanayambe. Munthu walipira inshulansi zaka zonse ziwiri, koma K9 miliyoni yonse yagwera m'thumba mwake, ndipo kampani ikhoza kufafaniza pangano latsopanolo chifukwa cha bodza la pa fomu.

Kalata yodziwitsa siyenera kukhala yaitali, koma ikhale yolunjika. Itchule nambala ya pangano, dzina la kasitomala, malo a puloti, tsiku limene ntchito inagwiridwa, tsiku limene dandaulo linamveka koyamba, chimene akuti chinalakwika, ndi ndalama zimene zingatayike ngati n'zotheka kuyerekeza. Mapu a malo, zolemba za kumunda ndi mauthenga a pa foni aphatikizidwe. Kungolemba kuti "pangakhale mavuto pa ntchito zathu za ku Nathenje" n'kudzinamiza. Ku Mangalande, pa mlandu wa kampani yowerengera ndalama ya HLB Kidsons mu 2008, khothi la apilo linapeza kuti ena mwa makalata awo sanali chidziwitso chokwanira, ndipo chitetezo chawo chinathera pa zokhazo zimene anatchula momveka. Chinanso, kuuza buloka pakamwa si kudziwitsa kampani. Buloka amaimira inu, choncho lembani, ndipo funsani kalata yosonyeza kuti kampani yalandira.

Pamene ndimaona kuti akatswiri a kuno amapunthwa kwambiri ndi pa ulemu wathu womwe. Mkangano wa malire ukabuka, umapita kwa nyakwawa, ndipo woyeza malo amaitanidwa kubwalo. Pamaso pa akuluakulu munthu woleredwa bwino amafuna kuzimitsa moto: "Pepani mfumu, ndalakwa ndine, simenti ndigula." Pamudzi ameneyo ndi munthu. Koma mapangano amenewa amaletsa kuvomera kulakwa, kulonjeza malipiro kapena kumaliza nkhani popanda chilolezo cha kampani, chifukwa mukatero mwailanda mpata wofufuza ngati bikoni inasunthidwa ndi wina. Sindikunena kuti akane kupita kubwalo, kumeneko kungakhale kunyoza. Apite, amve, alembe, anene kuti akumva chisoni ndi zovutazo ndipo ayezanso malowo pamaso pa mbali zonse. Za amene alipire, adikire kaye mawu a kampani.

Ena amaopa kuti akadziwitsa, mtengo wa inshulansi ukwera chaka chamawa. Ukhoza kukweradi, makamaka ngati madandaulo achuluka. Koma zambiri zodziwitsidwa zimafera m'fayilo osabala mlandu, ndipo kukwera kumeneko n'kochepa pokuyerekeza ndi mtengo wa mpanda wa mamita 40. Kampani ikakana mlandu umene munadziwitsa bwino, dandaulo limapita kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu ya Malawi, kapena kukhothi, ndipo kumeneko pepala loyamba kufunidwa ndi kalata ija yokhala ndi tsiku.

Amene akupuma pa ntchito kapena kutseka ofesi asamale koposa. Pangano likatha, ntchito zake zakale zimatsala poyera, pokhapokha atagula chitetezo chapadera cha zaka zotsatira. Asanatseke chitseko, aunike mafayilo a mapuloti onse amene anamvapo kung'ung'udza, ndipo lililonse alidziwitse palokha pangano lisanathe.