Chifukwa chake dokotala sajambula mutu kapena msana uliwonse wowawa

Sikani ndi chithunzi cha m'kati mwa thupi. Ekisire imaonetsa makamaka mafupa, CT imajambula thupi m'zigawozigawo pogwiritsa ntchito cheza cha mtundu womwewo, pomwe MRI imagwira ntchito ndi maginito ndipo imaonetsa bwino ubongo ndi mitsempha. Makina onsewa amaona maonekedwe a ziwalo, koma ululu sauona. Apa ndi pamene pagona yankho la dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri pamisonkhano ya zaumoyo, lakuti munthu wapita kuchipatala msana ukuwawa koma wangobwerako ndi panado osamujambula.

Mwa anthu 10 odwala msana wam'munsi, pafupifupi 9 ululu wawo suchokera ku matenda enieni omwe angalozedwe pachithunzi. Umachokera m'minofu ndi m'malo olumikizira mafupa, ndipo ambiri amapeza bwino pasanathe milungu 6. Chodabwitsa n'chakuti msana wosawawa nawo umaoneka "wowonongeka" ukajambulidwa. Pakati pa mafupa a msana pali timakhushoni tofewa tomwe timaphwa ndi kutundumuka munthu akamakula. Mu 1994, madokotala a ku America anajambula ndi MRI anthu 98 omwe sankamva ululu uliwonse, ndipo oposa theka anapezeka ndi kakhushoni kotundumuka. Kusinthaku kuli ngati imvi: n'chizindikiro cha zaka, ndipo nthawi zambiri si matenda.

Tiyerekeze mayi wa zaka 45 yemwe msana wamugwira atatha masiku atatu akuunga mizere. Dokotala amamufunsa ngati anagwa, ngati akutentha thupi kapena kuonda, ndiponso ngati mkodzo ukutuluka bwino. Kenako amamuyendetsa choyimira pazala ndi pazidendene, amagogoda pabondo ndi kanyundo, n'kukweza mwendo wake ali chigonere. Zonse zikakhala bwino, mayiyo amapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu ndi langizo loti aziyendayenda m'malo mogona tsiku lonse, abwerenso ngati pakutha pa milungu 6 sanasinthe. Kufunsa ndi kugogodako ndiko kupima kwenikweni, ngakhale odwala ambiri sakuwerengera.

Mayi yemweyo akanajambulidwa, mwina chithunzi chikanaonetsa kakhushoni kotundumuka komwe wakhala nako zaka zambiri osadziwa. Mankhwala akanakhala omwewo, koma iye akanabwerera kwawo ndi mawu akuti "msana wanga unatha", n'kuyamba kuopa kuwerama. Kukhala chogona kumafooketsa minofu, ndipo ululu umachedwa kutha. Palinso cheza: ekisire ya msana wam'munsi imapereka cheza chochuluka kuposa ekisire 10 za pachifuwa, ndipo ambiri amayenera kulipira ulendo wautali kuti akapeze makina a CT kapena MRI.

Msana wofunika kujambula uli ndi zizindikiro zake. Dzanzi m'mphechepeche ndi kumatako, kulephera kukodza kapena kudziwonongera, ndi miyendo yomwe ikunka ifooka zimasonyeza kuti mitsempha yapanikizika, ndipo wodwala ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Ululu wosaleka ngakhale usiku, pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku, umakayikitsa chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chomwe kuno sichisowa. Amajambulidwanso amene wachita ngozi, wokalamba amene wagwa, ndi amene anadwalapo khansa.

Mutu nawo umatsata njira yomweyo. Mutu womanga ngati lamba ndi mutu waching'alang'ala ndiyo yofala kwambiri, ndipo dokotala amaizindikira pomva mmene imayambira, nthawi yomwe imatenga, ndiponso ngati imadza ndi nseru kapena kudana ndi kuwala. Pa sikani ubongo wa anthu otere umaoneka wabwinobwino. Mitu ina imafuna kuyeza kwa mtundu wina. Wotentha thupi amayezedwa malungo, mayi woyembekezera amayezedwa kuthamanga kwa magazi, ndipo amene ali ndi kachilombo ka HIV mutu n'kumuwawa masiku angapo, kapena amene wauma khosi, angafunike kutengedwa madzi a pamsana kuti aone ngati ali ndi matenda oumitsa khosi. Panado weniweniyo, akamamwedwa masiku 15 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi yoposa itatu, amatha kuyambitsa mutu wa tsiku ndi tsiku womwe mankhwala ake ndi kusiya mapiritsiwo motsogozedwa ndi dokotala.

Sikani ya mutu imafunika mwachangu ululu ukabwera mwadzidzidzi n'kufika pachimake m'mphindi imodzi, ukadza ndi kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, kulankhula mosamveka, kusokonezeka maganizo kapena kugwa ngati wakhunyu, komanso munthu akamasanza kapena kuodzera atavulala m'mutu. Mutu wachilendo woyamba munthu atapitirira zaka 50, kapena womwe ukukulirakulira mlungu ndi mlungu, nawonso umafunika kuunikidwa msanga, ndipo dokotala ndiye amasankha pakati pa CT ndi MRI malinga ndi chomwe akuchikayikira.