Mwachotsa munthu pachithunzi, wina watulukira pomwepo

Chithunzi cha ukwati chatuluka bwino, koma kumbuyo kwa mkwatibwi kwaima bambo wina amene palibe akumudziwa. Wojambula akumuzunguliza ndi mzere mu Photoshop, akudina Generative Fill, chida cha AI chimene kampani ya Adobe inatulutsa mu 2023, ndipo bambo uja wachokadi. Koma pamalo pake paima mayi wachilendo atanyamula chikwama. Akayesanso, pamera mtengo.

Pulogalamuyi siidziwa chimene chinali kuseri kwa bamboyo. Imayang'ana zimene zatsala m'mbali mwa malo amene mwazunguliza, komanso maonekedwe a malowo, n'kujambula chimene chingakwanire pamenepo. Choncho zinthu zachilendozi kawirikawiri timaziitana tokha ndi mzere wathu.

Anthu osamala ndi amene amagwa kwambiri m'vutoli. Amatsata thupi la munthuyo bwinobwino, mutu, mapewa mpaka miyendo, mzere n'kukhala ngati munthu weniweni. Bowo looneka ngati munthu, pulogalamu imaikamo munthu. Komanso mzere wothina umasiya timaumboni kunja: nsonga za tsitsi, m'mphepete mwa jekete, zala zimene zagwira mpando. Choopsa kwambiri ndi chithunzithunzi chake pakhoma kapena pansi. Mukachisiya, pulogalamu imafuna mwini wake, ndipo ikamusowa imamupanga.

Tiyerekeze kuti chithunzi chathu ndi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo bamboyo watenga mapikiselo 400 m'lifupi mwake. Muzungulizeni ndi Lasso Tool mosatsata thupi, mzere ukhale wobulungira, mpata wa pakati pa miyendo ndi wa m'khwapa ulowe mkati. Onjezani chithunzithunzi chonse, ndi zala zija pamodzi ndi kachigawo ka mpando. Ngati munasankha ndi chida chotsata thupi chokha, pitani pa Select > Modify > Expand, muwonjezere mapikiselo 20 kapena 25. Pachithunzi chaching'ono cha pa WhatsApp, 5 mpaka 10 akwana. Kenako kuzani chithunzicho muyendere mzere wonse. Ngati pali kachidutswa ka bamboyo kunja, mzere sunakwane.

Musapyole apo. Mukazunguliza theka la khoma, mwapatsa pulogalamu bwalo lalikulu lopanda chotsanzira pafupi, ndipo imalidzaza ndi windo, chitseko kapena mphika wa maluwa. Chinthu chachikulu, monga galimoto kapena gulu la anthu, ndi bwino kuchichotsa zigawozigawo, kuyambira mbali imene khoma kapena udzu ukuoneka bwino.

Tsopano nkhani ya Feather, imene imafewetsa m'mphepete mwa malo osankhidwa kuti chatsopano chilowerere m'chakale, chisaoneke ngati chigamba pa malaya. Ambiri amaganiza kuti ikachuluka ndiye bwino. Ayi. Kufewetsaku kumadya mbali zonse ziwiri za mzere, kunja ndi mkati. Ngati mzere unali pathupi penipeni n'kuika Feather ya 30, mapewa ndi tsitsi zimangophimbidwa pang'ono, zimaonekerabe ngati utsi. Pulogalamu imaona utsiwo n'kuyamba kumangapo chinthu, kapena mumatsala ndi chizimezime cha munthu yemwe uja.

N'chifukwa chake kukuza kumayamba, kufewetsa kumabwera pambuyo, ndipo nambala ya Feather izichepa kwambiri poyerekeza ndi ya Expand. Pa chitsanzo chathu, mutawonjezera 20, ikani 3 mpaka 5. Kumbali imene mzere wagundana ndi chinthu chofunika kusunga, monga velo ya mkwatibwi, ineyo ndingasiye pafupifupi osafewetsa, chifukwa pulogalamu ikakhudza velo imaijambulanso mwa njira yake. Pathambo kapena pakhoma losalala, pomwe kusiyana pang'ono kwa mtundu kumaonekera msanga, mutha kukwezako.

Amene amagwiritsa ntchito Stable Diffusion kudzera mu AUTOMATIC1111 apeza zomwezi ndi maina ena. Mask blur ndiyo Feather, ndipo imayambira pa 4. Mukasankha Only masked, pulogalamu imadula malo osankhidwawo ndi kam'mbali ka mapikiselo 32, n'kugwira ntchito pa kachidutswako kokha. Ikapanda kuona kuti pachithunzi pali kale mkwati ndi mkwatibwi, imatha kujambula nkhope yathunthu m'kabowo kakang'ono. Kwezani Only masked padding, pixels kufika pa 128, kapena sankhani Whole picture. Pa Masked content musasiye original pochotsa chinthu, chifukwa imayambira pa chinthu chomwecho, sankhani fill.

Zotsatira zake zimakuuzani pomwe palakwika. Pakabwera munthu wina, mzere unatsata thupi kapena chithunzithunzi chinatsala. Pakabwera katundu wosagwirizana ndi kalikonse, malo anakula. Chizimezime m'mphepete ndi Feather yochuluka, mzere wakuthwa ndi Feather yochepa. Bokosi lolembamo mawu mu Generative Fill lisiyeni lopanda kanthu, chifukwa mukalemba kuti "remove man" pulogalamu imatha kugwira liwu lakuti "man" n'kukujambulirani bambo wina. Ndipo zithunzi zitatu zimene imakupatsani zikabwera zonse ndi mlendo, musadinenso Generate. Bwererani mukakonze mzere.