Mavocha 2,400, tsiku limodzi: oditala aone angati?

Tiyerekeze ofesi ina imene pa chaka chatha inalipira katundu ndi ntchito zosiyanasiyana kokwana ka 2,400. Malipiro alionse ali ndi vocha yake, ndipo mavochawo ali m'mafayilo mu kabati. Oditala wafika mosayembekezeka, wapatsidwa tsiku limodzi lokha. Kuwerenga mapepala onsewo sangathe, choncho atolapo ena oti aimire anzawo. Mavocha otolawo amatchedwa sampulo. Funso nkumati atole angati, awatole bwanji, ndipo zimene wapezazo azinene motani kuti asanamize mabwana ake kapena kunamizira akalaliki.

Asanatsegule fayilo iliyonse, amayamba walemba chimene achitche cholakwika. Tinene kuti vocha ndi yolakwika ngati ilibe siginecha ya wovomereza malipiro, ilibe lisiti, kapena ndalama zolembedwa pa vocha zikusiyana ndi za pa lisiti. Akapanda kulemba izi poyamba, mtima umamupusitsa pakati pa ntchito. Siginecha yosaoneka bwino m'mawa aiwerenga ngati cholakwika, masana atatopa ailola kudutsa. Amalembanso malire a zolakwika zimene ofesi ingapirire, mwachitsanzo mavocha 5 pa 100 alionse.

Malire amenewa ndi amene amabala nambala ya mavocha oti aone. Pali lamulo lachidule limene akatswiri awiri, Hanley ndi Lippman-Hand, analifotokoza mu 1983 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Limati ngati waona zinthu zingapo zotola mwachisawawa osapezamo cholakwika nchimodzi chomwe, gawa 3 ndi chiwerengero cha zimene waonazo. Yankho lake ndi pamene zolakwika zingafike mu mulu wonse, ndipo ukhoza kunena zimenezi motsimikiza 95 peresenti. Mavocha 60 opanda vuto ndiye kuti 3 kugawa ndi 60, zimene zikupereka 5 peresenti. Mavocha 20 opanda vuto akupereka 15 peresenti. Apa mpamene ambiri amagwera. Munthu atola mavocha 20, onse ali bwino, nkulemba kuti mabuku ali bwino, pamene mu kabatimo mungakhale mavocha olakwika oposa 300 amene sanawagunde.

Nambala 60 imagwira ntchito pokhapokha ngati sipapezeka cholakwika chilichonse. Oditala amene akuyembekeza kugumana ndi vocha imodzi yolakwika, koma akufunabe kunena kuti zolakwika sizikupitirira 5 peresenti, ayenera kutola 93. Wathuyu tinene kuti wasankha 100.

Chimene chimadabwitsa anthu nchakuti kukula kwa mulu sikusintha kwenikweni nambala imeneyi. Mavocha akhale 2,400 kapena 240,000, sampulo ya 100 imanena zofanana ndithu. Mulu ukakhala waung'ono kwambiri, monga mavocha 150, mpamene kusiyana kumaoneka, ndipo pamenepo nkwabwino kungoona onse. Chizolowezi choti nthawi zonse tizitola gawo limodzi mwa magawo khumi chilibe maziko. Pa mavocha 200 chimakupatsa 20, ochepetsetsa. Pa 240,000 chimakupatsa 24,000, ntchito ya miyezi yopanda phindu lofanana ndi thukuta lake.

Katoledwe ndi kamene kamapulumutsa kapena kupha ntchito yonse. Wogula chimanga wodziwa sakhulupirira chimene chili pakamwa pa thumba, amabaya pakati ndi pansi. Oditala naye sauza kalaliki kuti amubweretsere mavocha 100, chifukwa kalalikiyo, ngakhale wosaba, abweretsa fayilo yosamalika imene ili pafupi. Amatenga mndandanda wa malipiro onse kuchokera m'buku la ndalama kapena pa sitetimenti ya kubanki, osati m'mafayilo, popeza vocha yobisidwa siingatoledwe mu fayilo imene mulibe. Kenako agawa 2,400 ndi 100, apeza 24. Poyambira pamasankhidwa ndi kompyuta, mu Excel polemba izi:

```
=RANDBETWEEN(1,24)
```

Ikatuluka 17, atenga malipiro a nambala 17, 41, 65, 89, mpaka kumapeto kwa chaka. Achenjere chinthu chimodzi: ngati mndandandawo uli ndi kabwerezedwe kake, monga malipiro a lendi kugwera pa mzere wa 24 uliwonse, akhoza kumangotola mtundu umodzi wa malipiro kapena kuuphonya konse. Zikatero ndi bwino kompyuta isankhe nambala zonse 100 payokhapayokha.

Tsopano kalaliki wafufuza vocha ya nambala 641, sikupezeka. Akuti bwana ingotengani 642, ili pomwepa. Oditala wodziwa ntchito amakana. Muyezo wa maoditala wa padziko lonse wonena za sampulo, ISA 530, umati chinthu chosankhidwa chikalephereka kuchiyeza, ndipo palibe njira ina yochitsimikizira, chiwerengedwe ngati cholakwika. Vocha yolowa m'malo imaloledwa pamene yosankhidwayo inafafanizidwa mwalamulo, ndipo umboni wake ulipo.

Madzulo afika, wapeza mavocha 6 olakwika: atatu alibe siginecha, awiri alibe lisiti, imodzi ndi yosowa ija. Kulemba kuti zolakwika ndi 6 peresenti basi nkunena theka la nkhani. Oditala wina akanayambira pa 5 m'malo mwa 17, mwina akanapeza 4, mwina 9. Choncho lipoti liyenera kunena mpata umene nambala yeniyeni ingakhalemo. Pogwiritsa ntchito njira imene Edwin Wilson anafalitsa mu 1927, zolakwika 6 pa 100 zimapereka mpata wa 2.8 mpaka 12.5 peresenti. Pa mavocha 2,400 ndiye kuti olakwika akhoza kukhala pafupifupi 67, akhozanso kufika 300, ngakhale nambala yoyerekeza ili 144.

Mpatawu ndi waukulu, ndipo malire aja a 5 peresenti ali mkati mwake. Oditala sanganene kuti ofesi yakhoza, komanso sanatsimikize kuti yadutsa malire. Chimene anganene nchakuti sampulo yalephera kusonyeza kuti zolakwika zili pansi pa 5 peresenti. Mabwana sakonda chiganizo chotere, amafuna inde kapena ayi, koma ine ndimachiona kuti nchimene chili choona. Akafuna mpata wocheperapo alipire masiku ena. Mavocha 400 okhala ndi zolakwika 24 angaupanikize kufika pa 4 mpaka 9 peresenti. Ntchito yachuluka kanayi, mpata wangochepa ndi theka.

Mzere wa mu lipoti uyenera kuoneka chonchi: mwa malipiro 2,400 a chaka chatha, tinatola 100 podumpha 24 kuyambira pa nambala 17, mavocha 6 anali olakwika (6 peresenti), ndipo motsimikiza 95 peresenti zolakwika zonse zili pakati pa 2.8 ndi 12.5 peresenti. Pansi pake alembe nambala za mavocha asanu ndi imodziwo ndi vuto la iliyonse. Ngati atatu opanda siginecha aja onse ali a mwezi umodzi, pamene wovomereza anali patchuthi, zimenezo zilembedwe, chifukwa zikulozera pamene pakufunika kukonza.

Peresenti imeneyi ikuwerenga mapepala, osati ndalama. Wina akawerenga 6 peresenti nkuichulukitsa ndi bajeti yonse, nkumalengeza kuti ndalama zakutizakuti zabedwa, walakwitsa. Vocha yopanda siginecha ikhoza kukhala ya katundu amene anafikadi, ndipo ya K15,000 imawerengedwa chimodzimodzi ndi ya K15 miliyoni. Nchifukwa chake malipiro akuluakulu, tinene 30 okwera kwambiri, amachotsedwa mu mulu poyambirira nkuonedwa onse limodzi ndi limodzi, ndipo zotsatira zake zimalembedwa pazokha, osasakaniza ndi peresenti ya sampulo.