Kalata yopempha kasitomala kuti adikire kaye

Ogulitsa nsalu, nsapato ndi zodzoladzola ambiri masiku ano amalipira Facebook kuti katundu wawo aziwonekera pa mafoni a anthu, ndipo ena amalemba munthu wowayendetsera ntchitoyi. Woyendetsayo amakhala ndi sabata imodzi yowawa. Wangosintha zithunzi kuti malonda ayende bwino, koma mauthenga a ogula achepa pomwe ndalama zikupitabe, ndiye mwini shopu wafunsa kale kuti, "Kodi ndalama zanga zikupita kuti?" Apa pamafunika kalata, ndipo kalatayo imakhala ndi phindu pokhapokha ikanena manambala ndi tsiku.

Chimene chachitika ndi ichi. Malonda akakhala atsopano, kapena akasinthidwa kwambiri, makina a Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, sadziwa kuti awaonetse kwa ndani. Amayamba ayesa kaye anthu osiyanasiyana, nthawi zosiyanasiyana, ndipo ambiri mwa oyesedwawo sagula. N'chifukwa chake mtengo umakwera ndi kumasinthasintha. Mu Ads Manager, pansi pa mutu wa Delivery, pamalembedwa Learning. Malinga ndi Meta, gulu lililonse la malonda, lomwe pakompyuta limatchedwa Ad set, limafuna zotsatira pafupifupi 50 pa masiku 7 kuti likhazikike. Zotsatira zake ndi zomwe munasankha poyamba: kugula, kulembetsa, kapena uthenga wa pa WhatsApp.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje ku Limbe. Amalipira madola 10 patsiku ndipo ankalandira mauthenga 10, kutanthauza dola imodzi pa uthenga. Lolemba woyendetsa waika zithunzi zatsopano ndi kuwonjezera anthu a ku Zomba. Pofika Lachinayi m'mawa, mauthenga onse a masiku atatu ndi 24 okha. Kalata yabwino inganene motere:

"Mayi, mwaona bwino, mauthenga achepa. Sabata yatha tinkalandira 10 patsiku, pano tikulandira 8, ndipo uthenga umodzi wakwera kuchoka pa dola imodzi kufika pa $1.25. Zachitika chifukwa cha zithunzi zatsopano ndi Zomba yomwe tinawonjezera Lolemba: makina ayambiranso kufufuza ogula anu. Akufuna mauthenga pafupifupi 50, tili pa 24, ndiye tikapitiriza chonchi tifikapo Lamlungu. Ndikupemphani kuti mpaka tsikulo tisasinthe chithunzi, mawu, dera kapena ndalama. Lolemba m'mawa ndikutumizirani manambala onse. Ngati mtengo sunayambe kutsika, tibwerera ku zithunzi zakale."

Taonani kuti kalatayi yayamba ndi kuvomereza. Mayiyo wawerenga yekha mauthenga pa foni yake, ndiye kumuuza kuti zonse zili bwino ndi kumunyoza. Yatchulanso chimene chinasinthidwa ndi tsiku lake, m'malo mokankhira mlandu wonse kwa makina.

Pempho losakhudza kanthu lija ndiye mtima wa kalatayo. Mwini malonda akaona zinthu zikutsika, dzanja limamuyabwa: akufuna chithunzi china, akufuna kudula ndalama pakati. Koma kusintha chithunzi kapena mawu, kusintha anthu omwe mukuwafuna, kuwonjezera malonda ena m'gulu lomwelo, kukweza kapena kutsitsa ndalama kwambiri, ngakhale kuimitsa malonda kwa masiku 7 kapena kuposerapo, zonsezi zimabwezera kuwerenga kuja pachiyambi. Zili ngati kufukula mbewu m'mawa uliwonse kuti uone ngati yamera. Wosintha masiku atatu aliwonse amalipira mtengo wokwera mwezi wonse.

Komatu pali nthawi yomwe kupempha munthu kuti adikire kumakhala kumunamiza, ndipo izi zimandiwawa chifukwa ovutika ndi amalonda ang'onoang'ono omwe dola amaipeza movutikira. Tiyerekeze kuti madola 10 aja agawidwa m'magulu atatu, la Blantyre, la Zomba ndi la Lilongwe. Gulu lililonse lipeza mauthenga osakwana 20 pa sabata, ndipo palibe lomwe lidzafike pa 50 ngakhale mutadikira mpaka mvula. Zikatero pa Delivery pamalembedwa Learning limited. Mankhwala ake si kudikira. Muphatikize magulu atatuwo likhale limodzi, kapena mukulitse dera, kapena muwonjezere ndalama, kapenanso musankhe chotsatira chomwe chimachitika pafupipafupi, monga uthenga m'malo mwa kugula.

Choncho asanalembe, woyendetsa atenge ndalama za sabata yonse, agawe ndi mtengo wa chotsatira chimodzi. Kwa mayi wa ku Limbe uja, madola 70 kugawa ndi 1.25 akupereka 56, ndiye pempho lake lili ndi maziko. Yankho likakhala kutali ndi 50, kalatayo ikhale yofotokoza zomwe zikonzedwe. Nayenso wolandira kalata ali ndi ufulu wopempha kuti amujambulire tsamba la Ads Manager, aone yekha mawu omwe ali pansi pa Delivery ndi tsiku lomwe malonda ake anasinthidwa komaliza.