Mlandu wa chipukuta misozi: kuchoka pa samani kukafika ku apilo

Kubwalo la mfumu, wolakwiridwa amangofika ndi pakamwa pake. Amafotokoza, mnzake n'kuyankha, nduna n'kufunsa mafunso, dzuwa likamapendeka nkhani yatha. Anthu ambiri amapita ku Bwalo Lalikulu la Milandu akuyembekeza zomwezo, kuti akakangoima pamaso pa jaji n'kulongosola bwino, chilungamo chioneka chokha. Koma kumeneko, mlandu wofuna kuti wina alipire mnzake umayamba wayenda pamapepala kwa miyezi yambiri jaji asanaone nkhope ya mboni, ndipo milandu yambiri imapindulira kapena kufera pamapepala pomwepo.

Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa tomato wagundidwa ndi minibasi akuyenda m'mbali mwa msewu ku Limbe, mwendo n'kuthyoka. Apolisi atengera dalaivala kwa majisitireti, ndipo walipitsidwa chindapusa chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala. Ndalama imeneyo ndi ya boma, mayiyo saonapo ngakhale tambala. Kuti apukutidwe misozi, ayenera kutsegula mlandu wakewake. Mlandu umenewu si wa upandu, palibe amene apite kundende. Ndi wa munthu ndi munthu mnzake, ndipo woukoka ndi wodandaula mwini.

Nthawi imayamba kuwerengedwa tsiku la ngozi lomwelo. Lamulo limapereka zaka zitatu zokha kwa munthu wovulazidwa m'thupi kuti akasume, pamene wa ngongole kapena wa mgwirizano wophwanyidwa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ambiri amataya zaka zimenezi akungoyendera mwini galimoto amene amawauza kuti abwerenso mwezi wamawa.

Kuyambira pa 3 Okutobala 2017, Bwalo Lalikulu limatsata malamulo athuathu a kayendetsedwe ka milandu yotere, omwe adalowa m'malo mwa malamulo akale obwereka ku Mangalande. Mlandu umayamba ndi samani. Loya wa mayiyo amakaipereka ku ofesi ya bwalo, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ndipo kalaliki akaidinda n'kuipatsa nambala, mlandu wabadwa. Osumiridwa akhoza kukhala atatu: dalaivala, mwini minibasi amene adamulemba ntchito, ndi kampani ya inshuwalansi, poti lamulo la pamsewu limalola wovulala kusumira kampaniyo mwachindunji.

Pamodzi ndi samani pamapita chikalata cha dandaulo, ndipo apa ndi pamene pagona mlandu wonse. Sikokwanira kulemba kuti dalaivala adalakwa. Ziyenera kutchulidwa mmodzimmodzi njira zimene adalakwira: adathamanga mopyola muyeso pamalo odzaza anthu, adasiya msewu n'kulowa koyenda apansi, sadaimbe hutala, sadaponde mabuleki nthawi yabwino. Kenako mabala atchulidwe monga adalembera dokotala. Ndalama zimene zidatuluka kale m'thumba, monga za mankhwala, za ndodo zoyendera, za lipoti la apolisi ndi la kuchipatala, zilembedwe chilichonse ndi mtengo wake, ndipo pambuyo pake padzafunika malisiti. Ndalama yotere ikaiwalika pachikalata, jaji sangaipereke ngakhale ataona kuti idawonongekadi.

Chifukwa chake n'chakuti bwalo limaweruza zokhazo zimene eni mlandu adalemba. Bwalo Lalikulu la Apilo lidatsindika mfundo imeneyi pa mlandu wokhudza kampani ya Malawi Railways, wopezeka m'buku la zigamulo za 1998, ndipo maloya amautchulabe mpaka lero. Lamuloli limaoneka louma mtima, koma lili ndi nzeru yake: munthu asadzidzimutsidwe m'bwalo ndi nkhani imene sadakonzekere kuyankha. Ngati mayiyo adzanene ali m'bokosi la mboni kuti dalaivala ankanunkha mowa, chonsecho zimenezo mulibe m'chikalata, loya wa mbali inayo adzaimirira n'kukana kuti bwalo lisazimvere. Njira yake n'kupempha kukonza chikalatacho nthawi ikadalipo.

Samani ikaperekedwa m'manja mwa wosumiridwa, iye ali ndi masiku 14 oti adziwitse bwalo kuti mlanduwo aulimbana nawo, ndi masiku 28 oti apereke chikalata chodziteteza, kuwerengera tsiku limene adalandira. Woitaya pansi pa matiresi amadzipweteka yekha, chifukwa wodandaula akhoza kupempha chigamulo popanda kuzenga mlandu. Chigamulo chotere chimatheka kufafanizidwa, koma wopempha ayenera kufotokoza chimene chidamuchedwetsa ndi kuonetsa kuti ali ndi yankho lomveka. N'chifukwa chake wopereka samani amalumbira papepala kuti adaipereka liti, kuti, komanso kwa yani.

Yankho la minibasi nthawi zambiri limakhala la mbali ziwiri. Mbali yoyamba imakana kuti dalaivala adasasamala. Yachiwiri imati ngati adalakwa, mayiyo nayenso adathandizira ngoziyo polowa mumsewu osayang'ana. Mapepala a mbali zonse akaikidwa pamodzi, zimene akugwirizana zimachoka panjira. Palibe akukana kuti ngozi idachitika kapena kuti mwendo udathyoka. Funso lotsala ndi limodzi: mayiyo adali m'mbali mwa msewu kapena mumsewu?

Mlandu usanazengedwe, malamulo a 2017 amakakamiza milandu yambiri kuti iyambe yapita kokambirana, jaji ali mkhalapakati. Zoyankhulidwa m'chipinda chimenecho ndi zachinsinsi, sizingadzatchulidwe pozenga mlandu, ndipo zokambirana zikalephereka nkhaniyo imapita kwa jaji wina. Akagwirizana, amasainirana ndipo mgwirizanowo umakhala ndi mphamvu ngati chigamulo. Ena amaona ngati kuvomera pamenepa n'kugonja. Koma kwa mayi amene bizinesi yake idaima, ndalama yocheperako yolandira chaka chino ikhoza kuposa yochuluka yodzabwera patapita zaka, kwacha itatsika mphamvu.

Zikakanika, jaji amaitana maloya n'kuika ndondomeko ya masiku. Mbali iliyonse imaulula mapepala amene ili nawo okhudza mlanduwo, ngakhale oipweteka yomwe, ndipo mboni iliyonse imalemba umboni wake n'kuupereka ku mbali inayo tsiku lisanafike. Zobisa mboni kuti idzatulukire mwadzidzidzi ndi za m'mafilimu.

Tsiku lozenga limadabwitsa ambiri chifukwa cha kufupika kwake. Wodandaula ndiye amayamba. Mayiyo amalumbira, loya wake n'kumuonetsa chikalata cha umboni, iye n'kuvomera kuti ndi chake ndipo sayini ndi yake. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, safotokozanso nkhani yonse. Nthawi yaikulu imapita ku mafunso a loya wa mbali inayo, amene ntchito yake n'kufunafuna ming'alu. Adzafunsa kuti dengu lidali pamutu kapena pansi, minibasi idachokera kumanja kapena kumanzere, ndipo ngati adaiona ikubwera adalekeranji kuthawa. Bwalo limayankhula Chingerezi, koma pamakhala womasulira, ndipo mboni yosamvetsa funso ili ndi ufulu wopempha kuti libwerezedwe. Choopsa chachikulu ndi chikalata chimene mboni idasaina osachimvetsa. Papepala pakalembedwa kuti ankayenda m'mbali, pakamwa n'kutuluka zoti ankawoloka, mlandu wagwedezeka. Loya wake amaloledwa kufunsanso pomaliza, koma kungowongola zimene zasokonekera, osati kuyambitsa zatsopano.

Lipoti la apolisi nalonso anthu amalidalira mopitirira. Wapolisi amene adalilemba kawirikawiri adafika ngozi itachitika kale, ndipo ngati sadabwere kudzafunsidwa mafunso, jaji akhoza kulipatsa mphamvu yochepa. Mnzake wogulitsa naye pamsika amene adaona ndi maso ake ndi mboni yolemera kuposa chidindo.

Muyeso wa umboni pano ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa milandu ya upandu. Wodandaula safunika kuchotsa chikaiko chonse, koma kuonetsa kuti nkhani yake ndi yokhulupirika kuposa ya mnzake. Sikelo ikaima pakatikati, waluza ndi wodandaula, poti mtolo wotsimikizira udali pamutu pake.

Mboni zikatha, maloya amapereka mfundo zawo zomaliza, kawirikawiri zolemba, ndipo jaji amakalemba chigamulo. Malamulo amatchula masiku 90, ngakhale kuchedwa kwa zigamulo ndi dandaulo lakale m'dziko muno. Pa milandu ya ngozi, jaji nthawi zambiri amangogamula za amene adalakwa, n'kutumiza nkhani ya ndalama kwa rejisitara. Iyeyu amamva umboni wa ululu, kulemala, zipsera ndi kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama, n'kuyerekeza ndi zimene ena ovulala mofanana adapatsidwa. Tinene kuti wapeza K5,000,000, koma jaji adati gawo limodzi mwa magawo asanu a kulakwako lidali la mayiyo. Alandira K4,000,000. Woluza ndiye kawirikawiri amalamulidwa kulipira zowonongedwa pa mlandu, choncho wosuma mlandu wopanda mutu akhoza kutuluka ndi ngongole.

Chigamulo si ndalama. Kampani ya inshuwalansi imalipira kufika pamalire olembedwa mumgwirizano wake basi, zotsala n'za mwini minibasi ndi dalaivala. Akamazemba, wopambana amabwereranso kubwalo kukapempha chilolezo choti masherifu alande katundu n'kumugulitsa, kapena choti banki ipereke ndalama za muakaunti ya wangongoleyo. Loya wanzeru amafunsa funso limeneli samani isanalembedwe: amene tikumusumirayu ali ndi chiyani?

Wosakhutira amapita ku Bwalo Lalikulu la Apilo. Kumeneko si kozenganso mlandu ndi mboni zatsopano. Majaji amawerenga zonse zimene zidalembedwa kubwalo loyamba n'kumva maloya pa zifukwa za apilo, zomwe ziyenera kuloza pamene jaji adaphonya, kaya pa lamulo kaya poyeza umboni. Savomera msanga kutsutsa jaji pa nkhani ya mboni imene adaikhulupirira, poti iye ndiye adaiona ikuyankha. Akhala akubwezanso ma apilo obwera kuchuluka kwa chipukuta misozi kusanawerengedwe, ponena kuti chigamulo chotere sichinakhwime.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti apilo payokha siimitsa chigamulo. Ofuna kuti masherifu asabwere ayenera kupempha padera, ndipo bwalo likhoza kukana. Amalawi adaziona zimenezi pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti. Chigamulo chofafaniza chisankho cha 2019 chidaperekedwa pa 3 Febuluwale 2020, pempho loti chiyambe chaimitsidwa lidakanidwa, ndipo zokonzekera chisankho chatsopano zidayenera kupitirira kufikira apilo idagwa pa 8 Meyi chaka chomwecho.

Nthawi ya apilo nayo ndi yowerengeka. Chidziwitso chiyenera kuperekedwa pasanathe masabata asanu ndi limodzi chigamulo chomaliza chitaperekedwa, kapena masiku 14 ngati chili chigamulo cha pakati pa mlandu. Wochedwa amayenera kupempha kuti amuonjezere nthawi, ndipo amaloledwa pokhapokha ataonetsa chifukwa chomveka chochedwera komanso kuti apilo yakeyo ili ndi mfundo zoyenera kumvedwa.